Matikiti awiri, maola awiri pa Joni: nthawiyi ikwana?

Tiyerekeze kuti mukupita ku London kudzera ku Johannesburg. Tikiti ya Lilongwe mpaka pa Joni mwagula kwa kampani ina, ya Joni mpaka London mwaipeza yotsika mtengo kwa kampani inanso. Ndege yoyamba itera pa bwalo la OR Tambo 5:30 madzulo, yachiwiri inyamuka 7:30. Maola awiri athunthu, mtima uli m'malo.

Bwalo lililonse lalikulu lili ndi nthawi yochepetsetsa imene munthu ndi katundu wake amafunika kuti achoke m'ndege ina n'kulowa m'ndege ina. Ogulitsa matikiti amaitcha MCT, ndipo makompyuta awo salumikiza ndege ziwiri pa tikiti imodzi ngati mpata wake sukufika pamenepo. Koma nthawiyi amaiwerengera munthu wa tikiti imodzi, amene chikwama chake anachimata kale chizindikiro cha London ali ku Lilongwe. Iyeyo akatsika amangodutsa njira ya opitirira ulendo n'kukadikira pageti.

Inu a matikiti awiri ulendo wanu, m'maso mwa kampani yoyamba, wathera pa Joni. Kawirikawiri chikwama chanu chitsikira pomwepo. Ndiye muyenera kudinditsa pasipoti ku imigireshoni, kudikira chikwama palamba, kudutsa pa kasitomu, kenako kukachiperekanso pakauntala ya kampani yachiwiri.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Makampani ambiri amasiya kulandira katundu wa maulendo akunja kutatsala ola limodzi kuti ndege inyamuke, choncho malire anu enieni ndi 6:30. Maola awiri aja asanduka ola limodzi. Tinene kuti kutsika m'ndege kwadya mphindi 15, mzere wa imigireshoni 25, chikwama 10. Zatsala mphindi 10, ndipo apa n'kuti ndege yatera pa nthawi yake. Ikangochedwa pang'ono chifukwa cha mvula ya mabingu, imene sisowa ku Joni nthawi ya dzinja, mupeza kauntala atatseka.

Wa tikiti imodzi akachedwa chonchi, kampani imamukweza ndege yotsatira osalipiranso kanthu. Inu kampani yachiwiri ingolemba kuti simunabwere. Zoti ndege ya eni ake inachedwa sizikuikhudza. Chowawa kwambiri n'chakuti nthawi zambiri amafufutanso ulendo wobwerera umene uli pa tikiti yomweyo. Tikiti yatsopano yogula tsiku lomwelo, kuwonjezapo malo ogona, imameza kandalama konse kamene munapulumutsa, n'kupitirira.

Sindikunena kuti matikiti awiri ndi oipa, ayi. Nthawi zina kusiyana kwa mtengo kumakhaladi kwakukulu. Koma musanalipire, funsani wogulitsa ngati ndege zonse zili pa nambala imodzi ya tikiti, ndiponso ngati chikwama chikafike chokha kumene mukupita. Akayankha kuti ayi, ine sindingavomere mpata wochepera maola anayi. Ngati ndege yachiwiriyo imanyamuka kamodzi patsiku, fikani pa Joni kutatsala tsiku limodzi, mugone komweko.