Mphindi 8 ndi wodwala wongoyerekeza

Mwa mayeso amene ophunzira udokotala amakumana nawo muli ena otchedwa osike, omwe Ronald Harden ndi anzake a ku Dundee, ku Scotland, anawalongosola mu 1975. Wophunzira amalowa chipinda ndi chipinda, ndipo chilichonse chimakhala ndi ntchito imodzi ya mphindi zochepa, kawirikawiri pakati pa 5 ndi 10. M'zipinda zina ntchito yake ndi kufunsa wodwala mbiri ya matenda ake, woyesa ali pambali kuchonga malikisi papepala.

Pokonzekera, ophunzira awiri amagawana mbali: wina dokotala, wina wodwala. Wodwalayo amalemberatu nkhani yake mobisa. Tiyerekeze kuti ndi bambo wa zaka 38 amene watsokomola milungu 3, akutuluka thukuta usiku, waonda, anagwirapo ntchito m'migodi ku Joni, ndipo anasiya kumwa mankhwala otalikitsa moyo miyezi 4 yapitayo. Amatchera wotchi ya pafoni mphindi 8, n'kuyamba.

Dokotala amapereka moni, kutchula dzina lake, kutsimikiza dzina ndi zaka za wodwala, n'kupempha chilolezo. Kenako amafunsa funso lopatsa mpata: "Bambo, tandiuzani chomwe chakubweretsani." Akamvetsera osadula mawu, m'pamene amafunsa chimodzichimodzi: makhololo ndi otani, muli magazi, thupi likutentha, kunyumba kuli wina wotsokomola, anayezetsapo magazi, amasuta fodya. Mayankho a bamboyu akuloza ku chifuwa chachikulu. Dokotala amafunsanso chomwe chikuwadetsa nkhawa, ndipo mphindi yomaliza amabwereza mwachidule zomwe wamva kuti wodwala akonze polakwika.

Phindu lonse lagona pa wosewera wodwala. Mnzako wachifundo amaulula zonse pa funso loyamba, ndiye dokotala amachongedwa pa zinthu zomwe sanafunse n'komwe. Lamulo likhale lakuti za mankhwala aja zituluke pokhapokha zafunsidwa, ndipo zafunsidwa mwaulemu. Dokotala akati, "Mankhwala mumamwa bwinobwino, eti?" wodwala angovomera, monga momwe ambiri amachitira kuchipatala poopa kukalipiridwa. Koma akati, "Ambiri zimawavuta kumwa tsiku lililonse, inu zikuyenda bwanji?" apo anene zoona.

Pepala lochongera alione dokotala wotchi ikalira, osati asanayambe. Woliloweza pamtima amadziwika msanga: wodwala akatchula kuti mchimwene wake anamwalira ndi chifuwa, iye amalumphira funso la fodya osapepesa, komanso osafunsa ngati ankagona nyumba imodzi. Apo wataya malikisi a chifundo ndiponso umboni wa komwe matenda anachokera.

Akamaliza, awiriwo amayang'ana mzere uliwonse, kusiyanitsa zomwe sanafunse ndi zomwe anafunsa molakwika. Amasankha zolakwa ziwiri zokha, n'kubwereza nthawi yomweyo, koma wodwala atasintha nkhani: tsopano chifuwa n'cha masiku 3, chopweteka m'nthiti popuma, chomwe chikuloza ku chibayo. Dokotala akasintha mafunso motsatira mayankho atsopanowo, ndiye kuti waphunzira kufunsa wodwala.