Beta: Nambala Yoyeza Mmene Sheya Imavinira ndi Msika

Munthu akatsegula tsamba la kampani iliyonse ya ku America pa Yahoo Finance, amapeza mzere wolembedwa kuti Beta (5Y Monthly), ndipo pambali pake pamakhala kanambala monga 0.6 kapena 1.4. Ambiri amangokadumpha, maso ali pa mtengo wa sheya. Koma kanambalako kamayankha funso limene aliyense wogula masheya amakhala nalo: msika wonse ukakwera kapena kutsika, sheya iyi imasuntha motani?

Beta ikakhala 1, ndiye kuti sheya imayenda limodzi ndi msika. Ikakhala 1.5, msika ukatsika ndi 10 peresenti sheyayo imayembekezeka kutsika ndi 15 peresenti, ndipo pokwera imathamanganso chimodzimodzi. Makampani ogulitsa magetsi, madzi kapena zakudya amakonda kukhala pansi pa 1, poti anthu sasiya kudya chifukwa chuma chavuta. Maganizowa anatchuka ndi William Sharpe, katswiri wa zachuma wa ku America amene mu 1964 anafalitsa chiphunzitso cha CAPM, ndipo mu 1990 analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Harry Markowitz ndi Merton Miller.

Chovuta n'chakuti beta sailengeza kampani monga imachitira ndi phindu la pachaka. Imachita kuyerekezedwa kuchokera ku mitengo yakale, ndipo njira yake ndi masamu otchedwa rigiresheni.

Poyambira ndi kusonkhanitsa mitengo ya sheyayo ya kumapeto kwa mwezi uliwonse, kawirikawiri ya zaka zisanu, pamodzi ndi manambala a indekisi, yomwe ndi muyezo wa msika wonse. Ku America ambiri amatenga S&P 500. Mitengoyo siigwiritsidwa ntchito momwe ilili, imasandutsidwa kaye maperesenti a phindu kapena luzi la mwezi ndi mwezi. Sheya imene inali pa 100 kwacha n'kufika pa 104 kwacha, mwini wake n'kulandiranso dividendi ya 1 kwacha, yapereka 5 peresenti mwezi umenewo. Kenako mwezi uliwonse umakhala kadontho pa girafu: msika chopingasa, sheya choimirira. Rigiresheni imajambula mzere wowongoka umene ukudutsa pafupi kwambiri ndi timadontho tonse, ndipo kupendekeka kwa mzerewo ndiye beta.

Nachi chitsanzo chongopeka cha miyezi isanu, kuti masamuwo aoneke bwino. Msika unayenda motere pa maperesenti: 2, -1, 4, -3, 3. Sheya inayenda motere: 7, -2, 6, -4, 3. Avereji ya msika ndi 1, ya sheya ndi 2. Pochotsa avereji pa mwezi uliwonse, msika umatsala ndi 1, -2, 3, -4, 2, pamene sheya imatsala ndi 5, -4, 4, -6, 1. Manambala awiri a mwezi umodzi akachulukitsidwa pamatuluka 5, 8, 12, 24 ndi 2, zomwe pamodzi ndi 51. Manambala a msika akachulukitsidwa lililonse ndi lokha pamatuluka 1, 4, 9, 16 ndi 4, pamodzi 34. Kugawa 51 ndi 34 kumapereka 1.5, ndipo imeneyo ndiyo beta.

Amene ali ndi Excel savutika ndi zonsezi. Ngati za msika zili mu B ndipo za sheya zili mu C, amalemba:

```
=SLOPE(C2:C6, B2:B6)
=RSQ(C2:C6, B2:B6)
```

Za sheya ziyenera kuyamba. Wozitembenuza amapeza 0.54 pa chitsanzo chomwechi, ndipo kompyuta simuchenjeza ayi.

Mzere wachiwiriwo umauza kuti ndi gawo lanji la kusinthasintha kwa sheya limene likufotokozedwa ndi msika. Apa ukupereka 0.81, kutanthauza 81 peresenti. Pa masheya enieni nambalayi imakhala yotsika kwambiri, nthawi zambiri yosafika theka, chifukwa zambiri zimene zimagwedeza kampani ndi zake zokha: mlandu kukhoti, bwana watsopano, fakitale yapsa. N'chifukwa chake beta yotsika siitanthauza kuti sheya ilibe chiopsezo. Kampani yokumba golide ikhoza kukhala ndi beta yaing'ono mtengo wake ukudumphadumpha, kungoti kudumphako sikutsatira msika.

Palinso nkhani ya kukula kwa cholakwika. Pa miyezi isanu ija, muyezo wa cholakwika cha beta ndi pafupifupi 0.4, chomwe ndi chachikulu kwambiri moti beta yeniyeni ikhoza kukhala pansi pa 1 kapena pamwamba pa 2. Ndiye chifukwa chake akatswiri amatenga miyezi 60. Wina angafunse kuti bwanji osatenga zaka 20? Yankho ndi lakuti kampani imasintha. Ikatenga ngongole zambiri beta yake imakwera, ikagula bizinesi ina imasanduka chinthu china, ndiye mitengo yakale kwambiri imakhala ikunena za kampani imene kulibenso. Mabungwe amasankha mosiyana: Yahoo Finance imatenga zaka zisanu mwezi ndi mwezi, pamene Bloomberg imayambira pa zaka ziwiri sabata ndi sabata. Choncho kampani imodzi tsiku limodzi imatha kukhala ndi ma beta awiri osiyana, popanda amene walakwitsa masamu.

Mu 1971 Marshall Blume anasonyeza kuti ma beta okwera kwambiri kapena otsika kwambiri amakonda kuyandikira 1 m'zaka zotsatira. Pa chifukwachi Bloomberg imaperekanso beta yokonzedwa: magawo awiri mwa atatu a beta yopezedwa, kuonjezera gawo limodzi mwa atatu la 1. Beta ija ya 1.5 imatsika kufika pa 1.33.

Kuno kwathu vuto lalikulu ndi lina. Pa Malawi Stock Exchange ku Blantyre, pamene kampani yoyamba kulembetsa inali NICO mu 1996, indekisi yogwiritsa ntchito ndi MASI. Makampani ndi ochepa, ndipo masheya ena amatha masiku osagulidwa n'komwe. Sheya yotere imaoneka ngati yakhala pa 0 peresenti tsiku limene msika wasuntha, osati chifukwa ndi yolimba, koma chifukwa palibe amene wagula kapena kugulitsa. Mtengo wake umadzasuntha mochedwa, rigiresheni n'kuphonya mgwirizanowo, beta n'kutuluka yaing'ono kuposa yeniyeni. Zili ngati kuyeza liwiro la minibasi ili pa siteji ikudikira anthu. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona: maziro ambiri otsatizana mu mndandanda wa sheya, ndiponso RSQ yoyandikira ziro. Mankhwala oyamba ndi kusiya mitengo ya tsiku ndi tsiku n'kutenga ya mwezi ndi mwezi. Achiwiri anaperekedwa ndi Elroy Dimson mu 1979: kuikanso mu rigiresheni kayendedwe ka msika ka nthawi yapitayo ndi yotsatira, kenako n'kuphatikiza ma beta onsewo.

Pa msika waung'ono palinso msampha wotsutsana ndi umenewu. Kampani yaikulu imatenga gawo lalikulu la indekisi, ndiye ikamayezedwa ndi MASI imakhala ikudziyeza pang'ono ndi iyo yomwe, ndipo beta yake imakokedwera chakumtunda.

Wowerenga akapatsidwa beta ndi broka kapena akaiona mu lipoti, afunse indekisi imene yagwiritsidwa ntchito, zaka zimene zatengedwa, ngati mitengo yake ndi ya tsiku, sabata kapena mwezi, komanso ngati nambalayo ndi yokonzedwa kapena ayi.