Madzi okwera m'kachubu amaulula kulemera kwa molekyu ya polima

Palibe sikelo yomwe munthu angaikepo molekyu imodzi ya pulasitiki n'kuwerenga kulemera kwake. Komabe akatswiri a kemisitiri amadziwa kulemerako, ndipo imodzi mwa njira zawo zakale ndi yosavuta modabwitsa: amayeza kutalika kumene madzi akwera m'kachubu kagalasi.

Gwero lake ndi osimosisi, chomwe chimachititsa kuti tomato wodula atulutse madzi akamuwaza mchere. Nembanemba yopyapyala yolola madzi kudutsa koma yotsekereza zosungunuka ikaikidwa pakati pa madzi oyera ndi madzi osungunuliramo chinthu, madzi oyera amalowera kumene kuli chosungunukacho. Mbali imeneyo ikakhala ndi kachubu koimirira, madzi amakwera mpaka kulemera kwawo kutaletsa ena kulowa. Kukankha kofunika kuti madzi asiye kulowa ndiko kumatchedwa mphamvu ya osimosisi.

Wilhelm Pfeffer, katswiri wa zomera wa ku Germany, anafalitsa mu 1877 zomwe anapeza poyeza mphamvuyi ndi madzi a shuga. Jacobus van 't Hoff wa ku Netherlands, amene analandira mphotho yoyamba ya Nobel ya kemisitiri mu 1901, anaona m'manambalawo lamulo lalifupi: Π = cRT. Apa Π ndi mphamvu ya osimosisi, c ndi kuchuluka kwa mamolekyu osungunuka m'madzi, T ndi kutentha, ndipo R ndi nambala yosasintha, 8.314. Chokoma cha lamuloli n'chakuti silifunsa kukula kwa molekyu. Limangowerenga kuti alipo angati. Choncho wodziwa magalamu amene wasungunula, akadziwanso chiwerengero cha mamolekyu, wapeza kulemera kwake.

Polima ndi molekyu yaitali yopangidwa ndi tizigawo tofanana tolumikizana tambirimbiri. Chitsanzo ndi dekisitirani, yomwe mabakiteriya ena amapanga kuchokera ku shuga. Katswiri asungunule magalamu 10 a dekisitirani kuti apange lita imodzi, pa kutentha kwa 25 °C, komwe m'lamuloli kumalembedwa 298 K. Madziwo akwere masentimita 5 n'kuima. Kulemera kwa madzi otalika chonchi kumakankha ndi mphamvu ya mapasikalo 490, yopezeka pochulukitsa 1000 × 9.81 × 0.05. Kugawa 490 ndi RT, yomwe ndi 2478, kumapereka mamolo pafupifupi 0.2 pa malita 1000, kapena kuti 0.0002 pa lita. Ngati magalamu 10 ali mamolo 0.0002, ndiye kuti molo imodzi imalemera magalamu pafupifupi 50,000. Molo ya shuga wa mu tiyi imalemera magalamu 342 okha.

Ubwino wa njirayi umaonekera poiyerekeza ndi inzake, yoyeza mmene chosungunuka chimatsitsira mlingo umene madzi amaundanira. Dekisitirani yomweyi ingatsitse mlingowo ndi 0.0004 °C basi, kusintha komwe choyezera kutentha wamba sichingaone. Koma masentimita 5 ngakhale rula ya mwana wasukulu imayeza.

Vuto lalikulu n'lakuti lamulo la van 't Hoff limanena zoona pokhapokha chosungunuka chikakhala chochepa kwambiri. Mamolekyu a polima amatambasuka m'madzi n'kutenga malo aakulu, motero amayamba kupanikizana ngakhale ali ochepa. Zikatero madzi amakwera kupitirira pamene lamulo likunena, ndipo yankho limatuluka lochepa kuposa loona. N'chifukwa chake katswiri wosamala sakhutira ndi muyeso umodzi ngati wa pamwambapa. Amakonza madzi anayi kapena asanu osiyana kukhathamira, monga a magalamu 2, 4, 6 ndi 8 pa lita. Pa aliwonse amagawa Π ndi magalamuwo, n'kulemba mayankho pa girafu. Madontho amandandalika pa mzere wokwera, ndipo iye amaubweza m'mbuyo mpaka pamene magalamu ali ziro. Nambala ya pamenepo ndiyo amaidalira, chifukwa ndi pomwe mamolekyu sakusokonezana.

Nembanemba nayo imapusitsa. Mamolekyu aafupi amatha kupulumuka n'kuwolokera ku madzi oyera, ndipo chizindikiro chake n'chakuti madzi amakwera kenako n'kumatsika pang'onopang'ono osakhazikika. Otsalawo amakhala aataliatali, ndiye yankho limakula kuposa loona.

Komanso mamolekyu a polima salingana kutalika, choncho yankho limakhala la pakatikati potengera chiwerengero: theka la mamolekyu likakhala la 20,000, theka lina la 80,000, kachubu kamanena 50,000. Njirayi imagwira bwino pa mapolima oyambira cha m'ma 20,000 mpaka pafupifupi 1,000,000. Kupitirira apo madzi amakwera pang'ono zedi, moti magalamu 10 a polima ya 1,000,000 pa lita, malinga ndi lamuloli, angakweze madzi mamilimita 2.5 okha.