Chenjezo Likhale M'chinenero cha Wogwira Ntchito

Thumba la kositiki soda likafika pamalo opangira sopo, limayenera kubwera ndi chikalata chofotokoza kuopsa kwake. Chikalatachi chimakhala ndi zigawo 16, ndipo nthawi zambiri chimalembedwa m'Chingerezi. Ife a nthambi ya zaumoyo pampingo wathu titayendera malo ena otere, tinachipeza chili mukabati ya muofesi, pamene otakasa sopo anali kuseri ndi manja osavala kanthu. Tinapempha chilolezo choti timasulire magawo awiri: gawo 2 lonena za ngozi ndi gawo 4 lonena za chithandizo choyamba.

Vuto loyamba linali liwu lakuti "mankhwala." Kwathu kuno liwuli limatchula zochiritsa ndi zopha zomwe, ndiye silichenjeza munthu. Liwu lakuti "poizoni" nalonso linatikanika, chifukwa tinamva wina akuti, "Ine sindimwa, ndiye ndilibe nkhawa." Komatu chenjezo la nambala H314 likunena za kupsa kwa khungu ndi kuwonongeka kwa maso. Kositiki akagwera pakhungu, poyamba pamangoterera ngati sopo, ndipo ululu ukhoza kuchedwa kumveka pamene mnofu ukudyeka. Choncho tinalemba kuti: "Amadya khungu ndipo amachititsa khungu m'maso. Pakaterera, tsukani pomwepo, musadikire ululu." Titawerenga mokweza, anthu anaseka poona kuti "khungu" labwera kawiri ndi matanthauzo awiri. Tinakonza n'kulemba kuti "amapha maso."

Kenako tinafika pa kutsuka maso. Tinayamba talemba kuti "sukusulani," n'kupempha mayi wina kuti ationetse. Anatapa madzi m'manja kawiri, n'kudzipukuta ndi chitenje. Sanalakwe, kusukusula n'komweko. Koma chikalata chimafuna madzi oyenda kwa mphindi zosachepera 15, diso lili chitsegulire. Mawu amene akhomedwa pakhoma tsopano ndi awa: "Mnzanu azikuthirani madzi oyera m'diso osalekeza, mutatong'ola, kwa mphindi 15 kapena kuposa. Mukatero thamangirani kuchipatala." Pansi pake pamakhala ndowa ziwiri zodzaza madzi ndi ketulo yothirira, popeza mpopi sulonjeza.

Lamulo la munthu amene wameza linafunika chifukwa chake. Ambirife tinakula tikudziwa kuti womwa choipa amusanzitse. Tikanangolemba "musamusanzitse," ena akanayesa kuti talakwitsa pomasulira. Tinawonjezera kuti: "Kositiki amawotcha kukhosi potsika, ndipo amawotchanso pobwerera. Achukuche m'kamwa ndi madzi, mupite naye kuchipatala mutatenga chikalatachi."

Nambala zonse ndi chithunzi cha madontho akudya dzanja ndi chitsulo tinazisiya mmene zinalili, ndipo dokotala wina anafananiza mawu athu ndi a m'Chingerezi tisanakhome. Chiganizo chilichonse tinachiyesa mofanana: tinkachiwerenga kamodzi, n'kupempha wogwira ntchito kuti achite zimene wamva. Akachita zina, tinkasintha chiganizocho.