Amakaniko a njinga zamoto ndi ntchito youkitsa njinga yamasiye

Amakaniko a njinga zamoto amapezeka m'misika ya Mpingu ndi Namitete, m'mbali mwa msewu wa Lilongwe-Mchinji, komanso m'kati monga ku Nsaru, Kabudula ndi Nambuma. Ambiri alibe galaja yomanga. Amagwirira pansi pa mtengo kapena pakhonde la sitolo ya zipangizo, ndipo ntchitoyi anaidziwira kwa mnzawo wamkulu, kuyambira kumupatsira masipanala mpaka kufika potsegula injini okha. Tsiku ndi tsiku amadyera njinga za kabaza monga Lifo ndi King Lion, zomwe zimabwera ndi matenda odziwika: tcheni, mabuleki, kilatchi.

Ntchito yomwe imaonetsa luso lenileni la makaniko ndi ya njinga yomwe yakhala zaka osayenda. Kawirikawiri imakhala ya bambo amene anamwalira, mwina mlangizi wa zaulimi kapena mlimi wa fodya, ndipo inakankhidwira m'chigafa pamene abale ankakambirana za chuma chamasiye. Mwana wamwamuna akakula n'kuphunzira umakaniko, njinga imeneyi ndiyo amayamba kuiganizira. Chitsanzo chabwino ndi Yamaha DT 125, yomwe alangizi ambiri ankayendera m'midzi.

Wodziwa ntchito sathamangira kuponda kiki. Amayamba wachotsa pulagi, n'kudonthezera oyilo pang'ono m'kati mwa injini, ndipo amaisiya usiku wonse. Mawa lake amakankha kiki ndi dzanja pang'onopang'ono. Ikayenda mpaka pansi, pisitoni ili moyo. Ikakana, ndiye kuti maring'i agwidwa ndi dzimbiri, ndipo kuikakamiza ndi phazi kumathyola maring'iwo n'kukanda khoma la injini. Apa ndi pomwe achinyamata ambiri amaonongera njinga ya bambo awo tsiku loyamba lomwe.

Kenako amaona njira ya petulo. Petulo wokhalitsa amauma n'kusiya zomata zomwe zimatseka timabowo ta m'kabuleta. Makaniko amamasula kabuleta, kuitsuka ndi petulo watsopano, n'kuuzira timabowoto mpaka kuwala kuoneke. Kutokosamo ndi waya n'kulakwitsa, chifukwa bowo likakula njinga imamwa mafuta moonjeza. Thanki nayo imafunika kuchotsa dzimbiri, apo ayi kabuleta yotsukidwa itsekanso isanafike patali. Sefa ya mpweya nthawi zambiri amaipeza itafumbutuka kapena itadyedwa ndi makoswe.

DT 125 ili ndi khalidwe lomwe wozolowera njinga za kabaza angaliphonye. Injini yake imatentha oyilo pamodzi ndi petulo. Oyilo wa 2T amakhala m'kathanki kake, ndipo kapampu ndiko kamamutumiza ku injini. Kapampu kameneka kakafa kapena mukalowa mpweya m'kapaipi kake, njinga imalira bwinobwino kwa kanthawi kenako injini n'kunoka. N'chifukwa chake amakaniko osamala amathira oyilo wa 2T m'petulo woyamba, pafupifupi mamililita 30 pa lita imodzi, kufikira ataona ndi maso kuti kapampuko kakutulutsa.

Injini ikalira, ntchito sinathe ayi. Ulendo woyamba ndi mbali ya kukonza, ndipo ndi mayeso osati chionetsero, ngakhale mudzi wonse utatuluka pomva kulira komwe anthu anakuiwala. Asanakwere, wokonzayo amaona ngati matayala sanang'ambike m'mbali, ngati mawaya a mabuleki sakumata, ndiponso ngati tcheni chili ndi mpata wa zala ziwiri. Amasankha msewu wafumbi wopanda chitunda ndi khamu, osati tsiku la msika, ndipo sanyamula munthu. Amayenda mwapang'ono makilomita ochepa, akusintha magiya onse ndi kutchera khutu.

Pobwerako amachotsanso pulagi, pakuti ndiyo imaulula za m'kati. Ikakhala yofiirira, petulo ndi mpweya zikusakanizika bwino. Yakuda bii ikusonyeza kuti mafuta achuluka kapena sefa yatseka. Yoyera mbuu ndiyo yoopsa: petulo akuchepa, injini ikutentha kwambiri, ndipo njingayo siyenera kuyendanso mpaka vutolo litapezeka. Ngati anaikamo pisitoni ndi maring'i atsopano, amapewa liwiro ndi katundu wolemera kwa makilomita mazana angapo oyambirira.

Pali malire omwe sipanala singadutse. Zipangizo zenizeni za njinga zakalezi zimasowa m'misika yakumudzi, moti zina amakazifuna mumzinda wa Lilongwe. Khoma la injini likakandika kwambiri limafunika makina a m'tauni. Vuto lina ndi la mapepala: bulubuku imakhala ikadali m'dzina la malemu. Lamulo la chuma chamasiye la 2011 limaika patsogolo mkazi ndi ana a womwalira, koma asanatulutse njingayo pamsewu wa Mchinji, wokwerayo ayenera kukasinthitsa umwini ku ofesi ya Road Traffic, ndiponso kukhala ndi laisensi, inshuwalansi ndi chipewa chodzitetezera.