Imelo ya umboni: sungani yeniyeniyo

Kuno ku Lubuto ndimaona anthu ochotsedwa ntchito akupita ku khoti la za ntchito mu Ndola atanyamula zithunzi za imelo zojambula pa foni. Zimandiwawa, chifukwa bwana akhoza kungokana kuti sanalembe.

Chithunzi sichionetsa njira imene uthenga unadzera. Mu Gmail pa kompyuta, tsegulani imeloyo, dinani timadontho titatu, musankhe "Download message". Mudzapeza fayilo ya `.eml` yokhala ndi wotumiza, nthawi, maseva amene inadutsamo ndi zomata zake. Chitani zimenezi pa uthenga uliwonse wa mkanganowo, pakuti batanilo limatsitsa umodzi wokha. "Forward" imataya zizindikiro zoyambirirazo.

Fulumirani akaunti ya kuntchito isanatsekedwe, koma tengani zokhudza mlandu wanu zokha.