Kolesterolo wofanana, chiopsezo chosiyana

Abambo awiri akayezetsa magazi n'kupezeka kuti onse kolesterolo wawo ali pa 220, dokotala angathe kumupatsa wina mankhwala, winayo n'kungomuuza kuti adzabwerenso. Si tsankho ayi. Mafuta a m'magaziwa pawokha sanena zambiri. Chimene dokotala amafuna kudziwa n'chakuti, pa anthu 100 ofanana ndi munthuyu, ndi angati amene adzadwale mtima kapena kuchita sitiroko m'zaka 10 zikubwerazi.

Kawerengedweka kanachokera ku Framingham, tauni ya ku America kumene ofufuza akhala akutsatira umoyo wa anthu kuyambira mu 1948. Pa tchati chawo cha mu 2008, zinthu zingapo zowononga mitsempha ya magazi zili ndi mapointi ake.

Bambo woyamba ali ndi zaka 42, zomwe ndi mapointi 5. Kolesterolo uja akuwonjezera 2. Nambala yapamwamba ya bipii yake ndi 125, sasuta, alibe shuga, ndipo kolesterolo wake wabwino uja, HDL, ali pakatikati, choncho palibe chowonjezera. Mapointi 7 amenewa akutanthauza anthu pafupifupi 6 pa 100.

Wachiwiri ali ndi zaka 57. Zaka zokhazo ndi mapointi 10, kolesterolo 2 yemweyo, bipii ya 150 yosamwera mankhwala 2, fodya 4. Onse pamodzi ndi 18, ndiye kuti chiopsezo chadutsa 30 pa 100. Akanakhalanso ndi shuga, tikanawonjeza 3.

Apa m'pamene tchatichi chimaonetsera phindu lake, chifukwa chimalozera poyambira. Bamboyu atatsitsa kolesterolo kufika pa 190 angachotse pointi imodzi yokha. Koma munthu wofanana naye pa zonse amene sasuta ali ndi mapointi 14, anthu 18 pa 100. Ambiri akamva za kolesterolo amathamangira kusala mazira, ndudu ili m'thumba. Phindu losiya fodya limabwera pang'onopang'ono kwa zaka, komabe m'pamene pali mapointi ambiri amene munthu angachotse yekha. Chiopsezo chikafika 20 pa 100, madokotala nthawi zambiri amaperekanso mankhwala otsitsa kolesterolo, masitatini.

Anthu a ku Framingham ambiri anali azungu, ndiye tchati chawo chingaphonye kwa anthu a kwina. Mu 2019 bungwe la WHO linatulutsa matchati a zigawo 21 za dziko lapansi, a anthu a zaka 40 mpaka 74, ndipo Malawi ali m'chigawo cha kum'mawa kwa Africa. Palinso tchati cha zipatala zopanda labu, chogwiritsa ntchito kulemera ndi kutalika kwa munthu m'malo mwa kolesterolo.

Matchatiwa sawerengera HIV, ngakhale kuti imakweza chiopsezo cha mtima. Bipii yoyezedwa munthu atangofika ali wefuwefu imasokonezanso zotsatira, n'chifukwa chake amayamba apuma kaye n'kuyezedwa kawiri. Ndipo amene anachitapo kale sitiroko kapena kudwala mtima sawerengeredwa mapointi. Chiopsezo chake n'chachikulu kale, amafunika chithandizo basi.